Uthenga kwa mayi wothandiza pakhomo: za ntchito ndi tsiku la malipiro ndilembe bwanji?

Nachisale25
Moni nonse pagulu pano. Ndithandizeniko kalembedwe. Pali mayi amene ayamba kundithandiza pakhomo Lolemba pa 15 Sepitembala. Ndi oyendera, amabwera Lolemba mpaka Loweruka. Ine ndimanyamuka iwo asanafike, pobwera ndimapeza ataweruka, ndiye zambiri timauzana pa foni. Tinagwirizana K90,000 pamwezi, ndipo atenga kale adivansi ya K20,000 ya lendi. Ndi aakulu kwa ine, ndiye sindifuna kumveka ngati ndikutuma mwana. Koma ndikalemba mofatsa, zovala ndimazipeza zili zonyika, mpunga waphikidwa wa anthu khumi. Za malipiro ndinangoti "kumapeto kwa mwezi". Ndikufuna uthenga umodzi waulemu wonena zonsezi.

Che_Jali
Taikani pano umodzi mwa mauthenga amene mumawatumizira, tione pamene pakuvuta.

Nachisale25
Wa dzulo ndi uwu: "Mwadzuka bwanji mayi? Mukapeza mpata muchapeko zovala zija, komanso muonepo za nkhomaliro ya ana. Kunja kuja nakonso kwada. Zikomo."

Che_Jali
Mayiwo sanalakwe. Mwati akapeza mpata, ndiye mpata sanaupeze.

Nambewe_BT
A Che_Jali anena zoona, koma ndionjezere. Uthenga wanuwo ndi waulemu ndithu, vuto ndi loti ulemuwo mwauika pamalo pamene payenera kukhala malangizo. "Muchapeko" munthu akhoza kumva kuti achape zochepa, zina zitsale. "Zovala zija" ndi ziti, za m'basiketi kapena zopachika kuseri kwa chitseko? "Muonepo za nkhomaliro" ndiye mwawasiyira iwo kuti aganize ndiwo, muyeso ndi nthawi, pamene angokhala pakhomopo sabata imodzi ndipo sadziwa kadyedwe ka ana anu. Ndipo "kunja kwada" si pempho, ndi kudandaula. Munthu wamkulu akawerenga zimenezo amamva kuti mukumunena kuti ndi wauve, ngakhale inu mumafuna kungoti asese.

Ulemu uikeni m'moni, m'kuwatchula kuti inu, ndi m'kuthokoza pomaliza. Pakati paja pazikhala zinthu zoti munthu angaziloze ndi chala. Ine ndikanalemba chonchi:

"Mwadzuka bwanji amayi? Lero chonde muyambe ndi kuchapa madzi asanasiye. Zovala zake ndi za m'basiketi yofiira pakhonde. Malaya oyera a yunifolomu muchape paokha, zitenje ziwiri zija zimatuluka utoto. Nkhomaliro ya ana ndi mpunga, makapu 2 a kapu yabuluu ili m'chigubumo, ndi nyemba zili m'filiji m'poto waung'ono. Ana afika cha m'ma 1 koloko. Mukamaliza izi musese kuseri kwa khitchini. Zikomo kwambiri, mugwire bwino."

Palibe mwano mmenemo, ndipo palibe choti aganizire okha.

Mwana_wa_ku_Dedza
Koma zimenezi si zochuluka kwa munthu wamkulu? Mayi woti walera ana ake mukamuuze muyeso wa mpunga? Ine ndingakhumudwe.

Nambewe_BT
Kuphika amadziwa, kapu ya pakhomo pa eni ake ndiye saidziwa. Chimene chimakhumudwitsa ndi kuuzidwa madzulo kuti mwawononga mpunga pamene m'mawa palibe anakuuzani muyeso. Ndipo muyeso umanenedwa kamodzi kapena kawiri basi, sabata yachitatu mumangoti "mpunga ngati dzana".

Kalaliki_Wakale
Ndilowe pa nkhani ya ndalama, chifukwa mkangano waukulu udzachokera pamenepo, osati pa mpunga. Choyamba, a Nachisale, mwati mukufuna uthenga umodzi. Ayi, akhale awiri, ndipo asatumizidwe tsiku limodzi. Mukalemba za zovala zonyika kenako m'munsi mwake za malipiro, owerengayo amaziphatikiza, amamva kuti malipiro ake akudalira zovalazo. Komanso uthenga wa ntchito umatha ntchito dzuwa likalowa, pamene wa malipiro ndi woti ausunge, adzautsegule mu Disembala pakadzakhala kusamvana.

Chachiwiri, "kumapeto kwa mwezi" si tsiku. Kwa inu mwina ndi tsiku limene salale yanu yalowa ku banki. Kwa iwo ndi tsiku limene alandilodi agogoda. Masiku awiriwa akhoza kusiyana ndi sabata yathunthu. Tchulani deti. Posankha, onani tsiku lochedwetsetsa limene salale yanu imalowa, muwonjezere masiku awiri, kenako muwafunse ngati likugwirizana ndi tsiku la lendi yawo. Tinene kuti mwasankha pa 28. Munenenso chochitika pa 28 pakagwera Lamulungu kapena holide, ndipo yankho lake lizikhala kulipira tsiku la m'mbuyo, osati la m'tsogolo. Mwezi uno womwe mukumana nazo: ngati pa 15 panali Lolemba, pa 28 ndi Lamulungu, tsiku limene sabwera. Ndiye mwezi uno muwalipira Loweruka pa 27.

Nachisale25
Zikomo bambo. Nanga poti anayamba pa 15, ndiwapatse theka, K45,000?

Bambo_a_Dalitso
N'zosavuta. Gawani 90,000 ndi masiku 30, ndi K3,000 patsiku. Kuyambira pa 15 mpaka pa 30 agwira masiku 14 mukachotsa ma Lamulungu awiri. 14 kuchulukitsa ndi 3,000, K42,000. Chotsani adivansi, alandire K22,000. Yatha.

Kalaliki_Wakale
Siinathe, a Bambo a Dalitso, mwasakaniza njira ziwiri ndipo mayiwo aluza ndalama pakati. Mukagawa ndi 30 ndiye kuti mwawerenga ma Lamulungu ngati masiku olipidwa, choncho simungawachotsenso pochulukitsa. Kuyambira pa 15 mpaka pa 30 ndi masiku 16, ndipo 16 kuchulukitsa ndi 3,000 ndi K48,000. Mukafuna kuwerenga masiku ogwira ntchito okhaokha, gawani ndi 26, amene ndi masiku a ntchito pamwezi kwa munthu wopuma tsiku limodzi pasabata. 90,000 kugawa ndi 26 ndi K3,462 patsiku, kuchulukitsa ndi 14 ikupitirira pang'ono K48,460. Njira zonse ziwiri zikufika pafupi ndi K48,000. Yanuyo yawadyera ndalama yoposa K6,000, ndipo theka lija la a Nachisale lawadyera yoposa K3,000. Ine ndingati K48,500 kuti pasakhale za makobili.

Njira ya masiku 26 ndi imene imagwirizananso ndi malipiro otsikitsitsa a boma. Mu 2024 a antchito apakhomo anali K52,000 pamwezi, amene ndi K2,000 patsiku, ndipo mu 2025 anakwera kufika K72,800, amene ndi K2,800 patsiku. Musanagwirizane ndi munthu watsopano muzifunsa ku ofesi ya leba ya m'boma lanu mtengo umene ulipo, chifukwa umasintha.

Bambo_a_Dalitso
Chabwino, pa masamupo ndavomera. Koma adivansi ichoke yonse kamodzi. Ngongole yodula pang'onopang'ono ndi imene imaiwalika.

Nasibeko
Mukachotsa yonse atsala ndi K28,500 yoti ifike pa 28 Okutobala. Pofika pa 10 adzakhala atabweranso kudzapempha ina, ndiye adivansi izingobereka inzake mpaka chaka kutha. Duleni K10,000 mwezi uno, K10,000 mwezi wamawa. Sizingaiwalike ngati zalembedwa.

Kalaliki_Wakale
Ndili mbali ya a Nasibeko, koma chofunika ndi choti mwini ndalamayo adziwe kadulidwe kake lisanafike tsiku lolandira. Munthu asadzadziwire kwa ejenti kuti ndalama ndi yoperewera. Uthenga wake nawu, musinthe mogwirizana ndi pakhomo panu:

"Mwaswera bwanji amayi? Ndati ndilembe zimene tinagwirizana kuti tonse tizikumbukira. Malipiro anu ndi K90,000 pamwezi, kuyambira pa 1 mpaka tsiku lomaliza la mwezi. Muzilandira pa 28. Pa 28 pakagwera Lamulungu kapena holide, muzilandira tsiku la ntchito la m'mbuyo mwake. Mwezi uno, poti munayamba pa 15, ndi K48,500. Pa K20,000 munatenga ija ndikuganiza kuti tichotse K10,000 mwezi uno ndi K10,000 mu Okutobala. Ndiye Loweruka pa 27 mulandira K38,500, pa 28 Okutobala mudzalandira K80,000, kuyambira Novembala K90,000 yathunthu. Ngati pali chimene ndalemba mosiyana ndi mmene munamvera, chonde mundiuze tikonze. Zikomo chifukwa cha ntchito yanu."

Onani mawu oti "kuyambira pa 1 mpaka tsiku lomaliza la mwezi". Ambiri amawasiya, ndipo tsiku limene munthu akusiya ntchito ndi pamene amakangana. Wantchito amati mwezi wake umayamba pa 29, choncho masiku a pa 29 ndi pa 30 sanalipidwe, bwana amati analipira kale. Mzere umodziwo umatseka mlandu wonsewo.

Mwana_wa_ku_Dedza
Mukawafunsa kuti "ngati ndalemba mosiyana mundiuze", ayankha kuti zili bwino ngakhale zisali bwino. Ndani angatsutse bwana sabata yoyamba?

Nambewe_BT
Apa mwalasa. N'chifukwa chake uthenga uzibwera pambuyo pa kukambirana, usalowe m'malo mwake. Loweruka a Nachisale amakhala pakhomo mwina. Akhale nawo pansi, tiyi ali patebulo, ndipo funso lisakhale loti "pa 28 pali bwino?" chifukwa yankho lake ndi eya basi. Afunse kuti "lendi mumapereka pa deti yanji?" ndi "pa adivansi ija, mukufuna tizichotsa zingati pamwezi?" Mafunso otere munthu amayankha ndi nambala, ndipo nambalayo ndi yake. Madzulo ake ndiye mutumize uthenga uja ngati chikumbutso.

Gama_wa_ku_Joni
Ine ndikulankhula ngati wogwira ntchito ya m'nyumba, kuno ku Joni. Chimene chimatipweteka si malangizo ambiri ayi, ndi malangizo obwera mosadukiza. Uthenga 8 koloko, wina 9, wina 11 wosintha wa 8 uja, iwe manja ali m'madzi a sopo, foni ili pa chaji. Madzulo akufunsa bwanji sunaone uthenga. Tumizani umodzi, usiku wake kapena m'mawa munthu asanayambe. Chikasintha masana imbani. Chinanso, muzinena choti chitsale nthawi ikachepa. Ntchito zisanu ndi ziwiri zonse zolembedwa mofanana, munthu amayamba ndi yosavuta, kenako bwana akukwiya kuti yofunika ndi imene yatsala.

Kuno bwana amayenera kukulembetsa ku UIF, inshulansi ya boma yothandiza munthu ntchito ikatha, ukamagwira maola oposa 24 pamwezi, ndipo ambiri amalipira pa ola kapena patsiku, ndiye za kugawa ndi 26 sizivuta kwenikweni.

Phiri_wa_Kabaza
Abale, amene akufuna wantchito wokhulupirika mchemwali wanga ali pa Mchesi, amadziwa kuphika ndi kusita. Ndipezeni kumbali.

Che_Jali
Achimwene, munthu alipo kale, nkhani ndi ya uthenga.

Nasibeko
Poti a Gama atchula foni: a Nachisale, mwaona kuti mayiwo ali ndi foni yanji? Ngati ndi ya mabatani, WhatsApp palibe, ndipo SMS imodzi imatenga zilembo 160 zokha. Uthenga wautali umagawika, pa mafoni ena mbali yachiwiri imafika mochedwa kapena osafika, ndiye munthu amawerenga za kuchapa koma za nyemba osaziona. Ngati ali ndi WhatsApp, bandulo ikatha uthenga wa m'mawa adzauona mawa lake. Komanso alipo akuluakulu amene kuwerenga kumawavuta, kapena maso, ndipo sangakuuzeni. Mungazindikire ngati nthawi zonse amayankha ndi kuimba kapena kufulasha, osalemba, kapena ngati mayankho amabwera madzulo okhaokha mwana wawo atabwera ku sukulu. Zikatero musawafunse kuti "mumatha kuwerenga?" Ingoyambani kutumiza uthenga wa mawu, munene kuti kulemba kumakutayitsani nthawi. Koma za malipiro zilembedwebe, chifukwa mawu ojambula amafufutika foni ikadzaza.

Mayi_Busa_Zomba
Kope la masamba ochepa lomwe la ana a pulayimale limagwira bwino kuposa foni. Kutsogolo muzilemba ntchito za tsiku, lizikhala pamwamba pa filiji. Kumbuyo muzilemba za ndalama: deti, zimene alandira, zimene zachotsedwa, ngongole yotsala, ndipo nonse awiri muzisaina. Bandulo siikhudzidwa, magetsi akazima kope silizima.

Bambo_a_Dalitso
Kope la ndalama pamwamba pa filiji, ana ndi alendo aziwerenga malipiro a munthu? Amayi, pamenepo ayi.

Mayi_Busa_Zomba
Mwanena bwino, akhale makope awiri. La ndalama lizikhala kuchipinda.

Nambewe_BT
Ndibwerere ku malangizo, pali chinthu chimene uthenga wa ku Malawi kuno sungachisiye: chochita magetsi kapena madzi akapanda kukhalapo. Mukalemba kuti "musite zovala" ndipo ESCOM yazimitsa kuyambira m'mawa, munthu amakhala akudikira, kapena amapinda zovala zosasita n'kuziika m'kabati kuti pakhomo paoneke posamalika. Zovala zoyanika panja, makamaka za ana ndipo makamaka nyengo ya mvula, zimafunika kusita zonse ndi zamkati zomwe chifukwa cha mphutsi. Ndiye lembani kuti "magetsi akazima musasite, zovala muzisiye m'basiketi zisalowe m'kabati, m'malo mwake mukolope m'zipinda". Chimodzimodzi madzi: "mukapeza mpopi wauma musachape, madzi a m'diramu ndi ophikira ndi a kuchimbudzi". Mukapanda kutero amachapira a m'diramuwo, ndipo akhala atachita zimene munawauza.

Zina ndi zoti sizisintha tsiku ndi tsiku, monga nyemba ziziphikidwa pa mbaula osati pa kuka kuti mayunitsi asathe, gasi azitsekedwa pa silinda pomwe akamaliza, geti isatsegulidwe kwa munthu amene simunawauze kuti abwera. Izi musamazibwereze m'uthenga wa m'mawa uliwonse, zimamveka ngati simuwakhulupirira. Zilembeni kamodzi, ndipo chilichonse chikhale ndi chifukwa chake chachifupi. Munthu akadziwa chifukwa amatha kuganiza yekha tsiku limene zinthu zasintha.

Ndipo pali ziwiri zimene sindingazisiyire foni. Mankhwala a mwana muwaonetse ndi manja, supuni yake ndi mzere wake, ndipo nthawi yomwetsa ilembedwe pa botolo. Jiki nayenso muwauze pamaso kuti asasakanizidwe ndi mankhwala ena otsukira chimbudzi, mpweya wake umapweteka m'chifuwa.

Nachisale25
Ndalemba zonsezi. Funso lina, ndalama ndiwapatse pamanja kapena pa foni? Loweruka ndilipo, koma pa 28 Okutobala ndi Lachiwiri, sitidzaonana.

Kalaliki_Wakale
Afunseni iwo, kenako zimene asankhazo zilowe mu uthenga uja. Akasankha Airtel Money kapena Mpamba, pali zitatu zoti zimveke. Nambala yake ikhale yolembetsedwa m'dzina lawo. Potumiza dzina limaoneka musanaike nambala yachinsinsi, ndiye mukaona la munthu wina imani kaye mufunse, chifukwa ndalama ikalowa m'foni ya amuna awo kapena ya mwana, inu mwalipira koma iwo sanalandire. Kenako yotapira: kwa ejenti amadula, choncho mukatumiza K80,000 yeniyeni m'manja mwawo mufika yosakwana. Muwonjezere yotapirayo ndipo mulembe kuti "yotapira ndi yanga". Chomaliza ndi nthawi. Kutumiza 9 koloko usiku pa 28 ndi kulipira pa 29, ma ejenti atatseka. Lembani kuti "isanakwane 12 koloko masana", kuti poweruka adutsire kwa ejenti kukadali kowala, ndipo akapeza woyamba alibe ndalama akhale ndi nthawi yofuna wina.

Akasankha pamanja, musasiye ndalama pansi pa nsalu ya patebulo. Muwapatse madzulo a dzulo lake kapena mudikire m'mawa, awerenge inu mukuona.

Mwana_wa_ku_Dedza
Nanga salale ya bwana ikachedwa? Zimachitika, tisanamizane.

Gama_wa_ku_Joni
Nenani masiku atatu lisanafike tsikulo, osati tsiku lomwelo madzulo titafunsa tokha. Palibe chochititsa manyazi ngati kufunsa ndalama yako yomwe. Ndipo musati "tiona mawa". Nenani zimene muli nazo ndi tsiku la zotsalazo: "Pepani amayi, kuntchito atichedwetsera. Pa 28 ndikupatsani K50,000 kuti lendi isavute, K30,000 yotsala pa 2." Ndi uthenga wotere munthu amatha kukalankhula ndi alandilodi kapena a banki m'khonde ali ndi deti m'manja.

Bambo_a_Dalitso
Mu uthenga wa malipirowo muikemonso kuti chosweka chizidulidwa, komanso tsiku lojomba. Apo bii mbale zitha.

Nasibeko
Uthenga woyamba weniweni muyambe kuopseza za mbale zimene sizinasweke?

Kalaliki_Wakale
Lamulo la ntchito la 2000 limasiyanitsa zinthu ziwiri. Kulipiritsa munthu chindapusa ngati chilango sikuloledwa, pamene kubweza mtengo wa katundu amene wawonongeka ndi nkhani ina. Koma ine sindingaziike mu uthenga uno. Za kujomba zili ndi njira yabwino yozinenera: "mukadwala kapena kukagwa zovuta, chonde mundidziwitse isanakwane 6 koloko m'mawa kuti ndione za ana." Mwanena chimene mukufunadi, chomwe ndi kudziwa msanga. Chimene ndingawonjezere m'malo mwake ndi maola ndi tchuthi. Lamulo lomwelo limati maola a ntchito asapitirire 48 pasabata, ndipo wogwira masiku 6 pasabata ali ndi masiku 18 a tchuthi cholipidwa pachaka. Ngati amayamba 7 koloko masiku asanu ndi limodzi, nthawi yoweruka ilembedwe, apo ayi maolawo adzapitirira inu osadziwa.

Bambo_a_Dalitso
Ine ndikuonabe kuti za kudula zinenedwe poyamba, munthu asadzati sanauzidwe. Tambula imodzi sindingadule, koma ayironi yopsereza malaya a yunifolomu kachitatu?

Nambewe_BT
Kachitatu ndiye kuti palibe anawaonetsa pamene kabatani ka ayironiyo kayenera kuima pa nsalu ya nayiloni. Koma izi sitigwirizana lero.

Nachisale25
Ndawafunsa pa foni posachedwapa. Lendi amapereka pa 1, ndiye pa 28 pali bwino. Akufuna Mpamba, koma nambala imene amagwiritsa ntchito ndi ya mwana wawo wamkazi, yawo inatsekedwa. Ndichite bwanji pamenepa?

Kalaliki_Wakale
Loweruka lino apatseni pamanja K38,500, asaine m'kope. Pakati pa mwezi muwapatse theka la tsiku apite ndi chitupa chawo cha unzika akalembetse nambala yawoyawo. Ikapanda kutheka pofika pa 28 Okutobala, mufunse iwo eni ngati akufunadi kuti ipite kwa mwanayo, ndipo akavomera mulembe m'kope dzina limene likuoneka potumiza, iwo asaine pambali pake.

Mayi_Busa_Zomba
Theka la tsikulo lisadzadulidwe pa malipiro, a Bambo a Dalitso asanayankhe.